Lubani, Khala la Moto ndi Zenera

Munthu aliyense amene anakulira ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi adziwa m'mene nyumba inunkhira m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Mphepo ya chisanu iomba usana ndi usiku, anthu atseka zitseko dzuwa lisanalowe, ndipo m'nyumba mutsala fungo la mabulangete osayanikidwa, la kapenta, la nsapato ndi la matumba a chimanga chatsopano. Tsono pakamveka mawu akuti alendo ali kudza, kapena kuti mwini nyumba wanyamuka ku migodi kudzapumula, mai wa pakhomo ayamba kufunafuna chofukiza, kuti mlendo polowa asachite tsinya. Chimodzimodzinso kumapeto kwa Ogasiti, pamene anthu a ku Malawi ndi ku Mozambique asonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, nyumba zambiri zilandira abale ochuluka kuposa mphasa zake.

Kufukiza nyumba si chinthu choipa iyayi. Koma omvera ayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri aziyesa chinthu chimodzi. Fungo lokoma lichokera mu utomoni umene wafundidwa pang'ono. Ngozi ichokera ku khala limene lili pansi pa utomoniwo. Munthu wodziwa ntchito imeneyi achepetsa moto, nachulukitsa mphepo. Wosadziwa achita mosemphana, ndiye kuti achulukitsa moto natseka mazenera kuti fungo lisathawe. Nkhani yonse ya lero yagona pamenepo.

Choyamba kunena ndi lubani, pakuti ndiye adziwika koposa. Dzina lake lenilenilo ndi la Chiarabu, ndipo lisonyeza njira imene anadzera. Lubani ndi utomoni wa mitengo yomera m'malo ouma a ku Somalia, ku Ethiopia, ku Yemen ndi ku Oman. Anthu a kumeneko atema khungwa la mtengo pang'ono, utomoni utuluka woyera ngati mkaka, nuuma pa mtengo pomwepo, ndipo pakapita masabata angapo aukanganula. Palinso lubani wina wa fungo lotsekemera wochokera ku chilumba cha Sumatra, amene agulitsidwa m'zibuma zotuwa. Akhristu a mipingo ya Katolika ndi Angilikani adziwa fungo la lubani m'tchalitchi, ndipo Asilamu amugwiritsa ntchito m'nyumba zao. Koma munthu asaiwale kuti tchalitchi chili ndi denga lalitali, zitseko zazikulu ndi mazenera ambiri. Utsi umene usowa msanga m'tchalitchi ukhoza kudzaza chipinda chogona mpaka anthu kulephera kuonana.

Si madzi onse otuluka mu mtengo amene ali oyenera kufukiza. Mitengo ya minga, monga mtete, itulutsa zomata zonyezimira zimene ana akonda kutafuna, ndipo anthu ena aziyesa lubani wa kuthengo. Njira yodziwira ndi yapafupi. Munthu aponye kachidutswa m'kapu ya madzi ofunda, nakasiye kufikira m'mawa. Kakafufuma ndi kusungunuka konse, kameneko si kofukizira. Pa moto kangopserera ndi kununkha ngati shuga wopsa. Utomoni weniweni, monga wa mtengo wa paini, susungunuka m'madzi, koma ukamva kutentha ufewa, nuyamba kutulutsa fungo usanapse. Lubani ali pakatikati: ayeretsa madzi ngati mkaka, koma mbali yake yaikulu itsala pansi pa kapu.

Amene alibe ndalama ya lubani asadandaule. Makoko a malalanje ndi a mandimu oumitsidwa pa mthunzi anunkhira bwino pa phulusa lotentha. Masamba ouma a bulugamu nawonso achita bwino akakhala awiri kapena atatu okha. Agogo a kumudzi adziwa chanzi ndi mphungabwi, zimene azifukiza madzulo kuti udzudzu uchepe, ngakhale kuti utsi wake ukatha udzudzu ubweranso, ndipo neti yokha ndiyo itchinjiriza munthu usiku wonse. Za mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene matabwa ake anunkhira zaka zambiri, ndi bwino kungonena kuti mtengowo watsala pang'ono kutheratu. Mu 2017 ofufuza anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse. Munthu wobwera ndi tizipalamba tatsopano ta mkungudza kudzagulitsa ku Vubwi kapena ku Chipata ayenera kukanidwa, pakuti wogula ndiye atuma nkhwangwa.

Koma pali nkhuni zina zimene siziyenera kufukizidwa m'nyumba ngakhale tsiku limodzi. Nkhadze ili ndi utomoni woyera wokongola, koma utomoniwo uononga maso, ndipo utsi wake uwawa m'maso ndi pakhosi. Mwavi aliyense adziwa mbiri yake. Amuna amene anagwirapo ntchito ku Zimbabwe ndi ku Joni akumbukira mtengo wotchedwa tamboti, umene nkhuni zake zinunkhira mokoma zedi, koma nyama yootchedwa pa moto wake itsegula anthu m'mimba. Mtengo umenewo ndi umboni wakuti mphuno si woweruza wokhulupirika.

Anthu a m'makomboni a ku migodi ali ndi msampha waowao. Kumeneko nkhuni zisowa, ndipo munthu atola chidutswa chilichonse cha thabwa. Matabwa akuda ochokera pa njanji ndi pa mizati ya magetsi ananyikidwa mu mafuta a phula otchedwa kiliyosoti. Mapaso ndi mizati yooneka yobiriwira pang'ono inalowetsedwa mankhwala oletsa chiswe, amene kawirikawiri ali ndi aseniki, poizoni amene atuluka mu utsi natsalanso m'phulusa. Thabwa lopakidwa penti kapena vanishi, ndi thabwa lomatidwa ndi guluu, zonsezi zikhale kutali ndi chofukizira. Ndiponso khala loyatsidwa ndi pulasitiki kapena ndi chidutswa cha tayala lisalowe m'nyumba.

Tsopano omvera ayerekeze nyumba ina pafupi ndi mseu waukulu wa Kum'mawa, m'boma la Sinda. Ndi nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, yozira ndi simenti, imene mwini wake anaimanga ndi ndalama ya ku mgodi wa Nchanga. Mwiniyo wafika masana pa tchuthi, ndipo apongozi ake adzafika madzulo kudzamuona. Ndi mwezi wa Julayi. Mai wa pa nyumbapo watha kuphika ndiwo pa mbaula, ndipo makala akali ofiira. Anyamula mbaula yonseyo nailowetsa m'chipinda cha alendo, nawaza lubani wodzaza supuni pamwamba pa makala, natseka zenera ndi chitseko. Njerwa zoboola za pamwamba pa zenera anazitseka kale ndi nsanza m'mwezi wa Meyi chifukwa cha mphepo. Maganizo ake ndi abwino ndithu: afuna kuti makolo ake apeze chipinda chonunkhira ndiponso chofunda.

Mwamuna uja aona utsi uli kutuluka pansi pa chitseko, nafunsa kuti, "Amake mwana, kodi m'chipindamo mwaikamo chiyani?" Mai ayankha kuti, "Ndi lubani chabe, bambo. Utsi ukatha mbaula ndiisiya momwemo kuti amai ndi atate asazizidwe usiku." Pamenepo mwamunayo atsegula chitseko, naturutsa mbaula, nachotsa nsanza zija m'njerwa. Iye sanaphunzire za udokotala, koma ku mgodi anaphunzira chinthu chimodzi chimene sachiiwala. Akatha kuphulitsa miyala pansi pa mgodi, palibe munthu aloledwa kubwerera pamalopo kufikira nthawi yoikika itakwana, makina opemerera mpweya atachita ntchito yao, ndipo woyang'anira atayeza mpweyawo. Sayang'ana ngati utsi watha. Adziwa kuti utsi wooneka ukatha, chakupha chikhoza kutsala.

Chakupha chimenecho ndi mpweya wotchedwa kaboni monokisaidi. Utuluka pamene nkhuni kapena makala ayaka mopereweredwa mpweya wabwino, ndipo makala ndiwo autulutsa wochuluka, ngakhale pamene ali ofiira bwino opanda utsi konse. Mpweya umenewu ulibe maonekedwe, ulibe fungo, suwawa m'maso, ndipo sutsokomoletsa. Kulemera kwake kuli pafupifupi kofanana ndi kwa mpweya wamba, chotero usanganikirana ndi mpweya wa chipinda chonse. Wogona pa bedi ndi wogona pa mphasa onse aupuma. M'magazi a munthu muli chinthu chofiira chimene ntchito yake ndi kunyamula okosijeni kuchokera m'mapapo kunka ku thupi lonse. Mpweya woipawu ukangamira ku chinthu chofiiracho mwamphamvu koposa okosijeni kopitirira ka 200. Kotero magazi ayenda monga mwa masiku onse, koma ayenda opanda katundu, ndipo bongo ndi mtima ndizo ziyamba kuvutika.

Anthu ena ati, "Nyali ikayaka bwino m'chipinda, ndiye kuti mpweya uli bwino." Kumeneku ndi kudzinyenga. Kandulo iyaka mokondwa mu mpweya umene ukhoza kupha munthu wamkulu. Chifukwa cha ichi katswiri wa ku Scotland, John Scott Haldane, m'zaka za m'ma 1890 analangiza anthu a migodi ya malasha kuti azitsika ndi mbewa kapena timbalame, pakuti tizilombo tating'ono tifooka msanga munthu asanamve kanthu. Migodi ya ku Britain inaleka kugwiritsa ntchito timbalameto mu 1986, pamene zipangizo zoyezera zinalowa m'malo mwake. Masiku ano kuli tizipangizo ta mabatire topachika pa khoma, timene tilira mpweyawu ukachuluka, ndipo wokhala m'tauni amene angathe kugula kamodzi achita bwino. Koma nyumba zambiri za ku Sinda zilibe kachipangizo kotere. Mlonda wao ndi zenera.

Pano pafunika masamu pang'ono, ndipo omvera apirire, pakuti sali ovuta. Chipinda cha alendo chija ndi cha mamita 3 m'litali, mamita 3 m'lifupi, ndi mamita awiri ndi theka kunka kudenga. Munthu atatenga bokosi la mita imodzi mbali zonse, mpweya wa m'chipindamo ungadzaze mabokosi otere 22. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, mu malangizo ake a 2010, linanena kuti m'bokosi limodzi lotere musapitirire mamiligalamu 100 a mpweya woipawu ngati munthu akhalamo mphindi 15, ndiponso musapitirire mamiligalamu 10 ngati akhalamo maola 8, amene ndiwo utali wa tulo ta usiku.

Nanga mbaula itulutsa wochuluka bwanji? Oyeza apeza kuti kilogalamu imodzi ya makala ikapsa pa mbaula itulutsa magalamu a pakati pa 100 ndi 300, monga mwa makala ake ndi mbaula yake. Pa masamu awa atengedwe magalamu 200. Magalamu amenewa akagawidwa m'mabokosi 22 aja, bokosi lililonse lilandira mamiligalamu ngati 9,000. Kumeneko ndi kupitirira muyezo wa mphindi 15 uja ka 90. Zoonadi palibe nyumba yotsekeka ngati botolo, ndipo makala sapsa onse nthawi imodzi, chotero mpweya wina uthawira m'ming'alu. Koma ngakhale magawo asanu ndi anai mwa khumi atathawa, otsalawo ndi okwanira kugwetsa munthu wogona usiku wonse. Nyumba ya udzu ya makolo inali kupuma yokha, utsi unali kudzera m'denga ndi m'mphepete mwa khoma. Nyumba ya simenti ndi magalasi sipuma. Ichi ndi chifukwa chake mwambo umene agogo anauchita osavulala ukhoza kupweteka mdzukulu amene wamanga nyumba yabwino koposa.

Tsono masamu omwewo achitidwe pa khala limodzi lokha, la msinkhu wa dzira la nkhunda, lolemera ngati magalamu 10. Limenelo ndi gawo limodzi mwa 100 la mbaula ija. Likapsa lonse m'chipinda chotseka, bokosi lililonse lilandira mamiligalamu ngati 90. Apa pali phunziro la mbali ziwiri. Khala limodzi kwa mphindi khumi, mazenera ali otsegula, si chinthu choopsa kwa munthu wa moyo wabwino. Koma khala lomwelo losiyidwa m'chipinda chotseka kuti anthu agone nalo lipitirira muyezo wa usiku ka 9. Ndiye kuti ngakhale khala limodzi liyenera kutuluka ntchito yake ikatha.

Mai wa ku Sinda uja akadafunsa, akadauzidwa njira iyi. Ntchito iyamba m'mawa, osati madzulo, ndipo iyamba ndi tsache, osati ndi moto. Mabulangete ndi mphasa ayanikidwe pa dzuwa, nsapato zituluke, ndipo ngati pali khoswe wofera kuseri kwa matumba apezeke. Lubani sachotsa fungo loipa, angolikwirira, ndipo fungo la lubani losanganiza ndi la khoswe liposa kuipa kwa khoswe yekha.

Kufukiza kwenikweni kuchitike dzuwa likali pamwamba, patatsala maola awiri kapena atatu kuti anthu alowe. Mai atenge phale kapena kambale ka dothi, nathiremo mchenga wouma wokwana zala ziwiri kuya kwake, kuti kutentha kusatsike pansi. Khala lisankhidwe pa mbaula imene ili kunja, likhale lopsa bwino, lotuwa ndi phulusa mbali zonse, pakuti khala lakuda mbali imodzi likali kufuka ndipo liononga fungo. Aliike pa mchenga, naliwaze phulusa pang'ono pamwamba. Phulusa limenelo ndilo chinsinsi cha ntchito yonse, chifukwa lichepetsa ukali wa moto. Ena aika kachivundikiro ka chitini pamwamba pa khala, ndi lubani pamwamba pa kachivundikiroko. Njira imeneyi ndi yabwinonso, malinga kachivundikiroko kayambe kaotchedwa kunja kufikira penti ndi zomatira zake zonse zitatha. Chidutswa cha lata la denga chisagwiritsidwe ntchito, pakuti chopakidwa pa malata chitulutsa utsi wodwalitsa chikatenthedwa kwambiri.

Lubani wofunika ndi wochepa modabwitsa: kachidutswa ka msinkhu wa njere ya chimanga, kapena tiwiri m'chipinda chachikulu. Supuni yonse ija ikadakwana mwezi wathunthu. Phale liikidwe pansi, pakati pa chipinda, kutali ndi makatani, ndi neti ya udzudzu imene igwira moto msanga, ndi pamene mwana wokwawa angafike. Ngati nyumba ndi ya udzu, munthu asamalenso tinthethe ta moto touluka ndi mphepo. Ndipo wofukizayo asachoke kunka ku chitsime kapena kwa mnansi, phale lili m'nyumba.

Za mazenera anthu ambiri alakwitsa. Zenera limodzi lotsegula, chitseko chili chotseka, sililowetsa mphepo yambiri, pakuti mpweya watsopano sungalowe ngati wakale ulibe potulukira. Pafunika mipata iwiri, ndipo ndi bwino ikhale pa makoma osiyana, monga chitseko mbali iyi ndi zenera mbali inayo. Anthu a ku migodi adziwa zimenezi bwino, pakuti mgodi uli ndi njira yotsikira mpweya wabwino ndi ina yokwerera mpweya woipa. Utsi womwewo ndiwo uonetsa ngati mphepo ili kuyenda. Ukamapendekera ku zenera ndi kutuluka, zili bwino. Ukamakwera molunjika ndi kuyala pansi pa malata ngati nkhungu ya m'dambo, ndiye kuti mpweya waima, ndipo pafunika kutsegula mpata wina. Njerwa zoboola zija zisatsekedwe konse, ngakhale m'chisanu. Wozizidwa aonjeze bulangete.

Lubani wofundidwa bwino afewa, achita timathovu, natulutsa kautsi kopyapyala koyera, kamene munthu aona khoma kupyola m'kati mwake. Pakapita mphindi zochepa kachidutswako kada, ndipo fungo lisanduka lowawa ngati la chinthu chopserera. Pamenepo mafuta onunkhira atha, ndipo chotsalacho chingopsa chabe. Kachotsedwe ndi kamtengo kapena ndi supuni. Utsi ukakhala wochindikala, wachikasu kapena wakuda, kapena maso akayamba kutuluka misozi, khala latentha mopitirira ndipo lifuna phulusa lina. Zikakwana mphindi khumi phale lituluke, khala lizimidwe ndi madzi, osangoliponya kuseri kwa nyumba kumene kuli udzu wouma wa Julayi. Chitseko ndi zenera zikhalebe zotsegula kwa theka la ola kapena kupitirira.

Apa mai angadandaule kuti, "Nanga fungo silithawa lonse?" Silithawa iyayi. Chimene chituluka pa zenera ndi utsi ndi mpweya woipa. Fungo limamatira ku nsalu, ku mphasa, ku makatani ndi ku matabwa, ndipo lituluka pang'onopang'ono kufikira m'mawa. Vuto lili pa mphuno ya wofukizayo. Mphuno ya munthu itopa msanga ndi fungo limodzi, kotero kuti pakapita mphindi zochepa mwini nyumba salimvanso, ayesa latha, naonjeza lubani wina, ndi winanso. Mlendo wochokera kunja ndiye atsamwa. Wofuna kudziwa zoona atuluke, akazungulire nkhokwe kawiri, nabwerere. Pamenepo adzamva chimene mlendo adzamva.

Timitengo tofukiza togulidwa m'masitolo tilibe khala lalikulu, chotero ngozi ya mpweya wakupha uja ichepa. Koma titulutsa utsi wa tinthu tosalala kwambiri timene tilowa mpaka m'kati mwa mapapo, ndipo oyeza ena anapeza kuti, pa kulemera kofanana, utsi wa timitengo tina uposa wa ndudu. Kamtengo kamodzi pafupi ndi zenera lotsegula nkokwanira, ndipo si chinthu choyatsa tsiku ndi tsiku m'chipinda chogona.

Pali anthu ena amene utsi uliwonse, ngakhale wonunkhira chotani, uwapweteka. Mwana wakhanda apuma mofulumira koposa wamkulu, ndipo njira za mpweya m'chifuwa mwake ndi zazing'ono. Mai wa pakati asakhale pa utsi, pakuti magazi a mwana wa m'mimba agwira mpweya woipa uja mwamphamvu koposa a amake, nachedwa kuutaya. Wa mphumu, wodwala chifuwa chachikulu kapena amene anachira kumene, nkhalamba ya nthenda ya mtima, ndi mwamuna amene mapapo ake anaonongeka ndi fumbi la miyala ya pansi pa mgodi, onsewa akhale panja kufikira chipinda chitayera. Ngati wodwalayo sangathe kutuluka, chipinda chake chisafukizidwe konse. Makoko a mandimu aawisi m'mbale, kapena masamba a mphungabwi ofikisa m'manja ndi kuwaika pansi pa mtsamiro, apereka fungo popanda moto.

Nanga zinthu zikalakwika, munthu angadziwe bwanji? Mpweya woipawu uyamba ndi mutu wopweteka pamphumi ndi m'litsipa, chizungulire, nseru ndi kulefuka kwa miyendo. Zizindikiro zimenezi zifanana ndi malungo kapena matsire, ndipo anthu ambiri asokera pomwepo. Koma pali zinthu zitatu zosiyanitsa. Thupi silitentha. Anthu angapo ogona m'chipinda chimodzi adwala nthawi imodzi, ndipo mwina mphaka nayenso ali lefu. Ndiponso munthu akatuluka panja apeza bwino, akabwerera m'nyumba mutu uyambanso. Banja likadzuka lonse ndi mutu, mbaula itagona m'nyumba, pasakhale kufunafuna mfiti kapena kunena ndiwo za dzulo. Choopsa koposa nchakuti mpweyawu usokoneza nzeru, kotero kuti munthu angadziwe kuti sali bwino koma osatha kuganiza zotsegula chitseko, ndipo wogona tulo mwina sadzuka konse.

Wopeza anthu otere ayambe watsegula chitseko ndi mazenera onse, nawatulutsire panja mofulumira, iye mwini osachedwa m'chipindamo. Wokomoka agonekedwe chammbali kuti akasanza asatsamwe. Asamwetsedwe mkaka, madzi kapena mowa ali chikomokere. Mkaka suchotsa mpweyawu m'magazi, ndipo ukhoza kulowera m'mapapo. Chimene chiuchotsa ndi kupuma. Pa mphepo wamba papita maola anai kapena asanu kuti theka la mpweya woipawo lichoke m'magazi, koma ndi okosijeni wa ku chipatala papita ngati ola limodzi ndi theka. Chifukwa chake aliyense amene anakomoka, wosokonezeka nzeru, womva kuwawa pa chifuwa, mwana wamng'ono ndi mai wa pakati, athamangitsidwe ku chipatala ngakhale aoneke ngati atsitsimuka. A ku Katete ali ndi chipatala cha St Francis, chimene chinayamba mu 1948. A ku Sinda ali ndi cha misyoni ya Nyanje. Ndipo a ku Vubwi ayambire pa chipatala chimene ali nacho pafupi, kuti awatumize kwina ngati kufunika.

Pofika kumeneko, wonyamula wodwalayo anene poyera kuti m'chipindamo munali mbaula kapena khala, ndi maola amene munthuyo anakhalamo. Mawu amenewa ndi ofunika, pakuti kachipangizo kamene anamwino amapana nako chala poyeza okosijeni sikasiyanitsa magazi abwino ndi magazi ogwidwa ndi mpweyawu, ndipo kakhoza kusonyeza nambala yabwino munthu ali pangozi. Ndiponso abale apitirize kumuyang'anira kwa masabata angapo atatuluka. Akayamba kuiwalaiwala, kuyenda mwadzandidzandi kapena kusintha khalidwe, abwerere naye ku chipatala, nakumbutse dokotala za usiku wa mbaula uja.